Kakonzedwe ka buku la malikisi a teremu ndi kawerengedwe ka giredi yomaliza

Buku la malikisi liyenera kuyankha funso limodzi nthawi iliyonse munthu akalitsegula: nambala yomwe ili pa lipoti la mwana uyu yachokera kuti? Mphunzitsi wina atatenga buku lanu inu mulibe, n'kuwerengera yekha, azipeza nambala yomweyo imene mwalemba. Zimenezi zimatheka ngati zinthu zitatu zalembedwa momveka: ntchito iliyonse inali ya malikisi angati, ili m'gawo liti, ndipo gawolo lili ndi mlingo wanji pa giredi yomaliza. Malangizo ali m'munsiwa akutsata phunziro limodzi, kalasi imodzi ndi teremu imodzi, ndipo titsatira malikisi a mwana mmodzi kuyambira poyamba mpaka pa lipoti.

1. Khazikitsani magawo ndi milingo yake teremu isanayambe

Yambani mwaona zomwe silabasi kapena malamulo a sukulu yanu akunena. Ngati analamula kale kuti ntchito za m'kati mwa teremu zitenge malikisi akutiakuti pa 100 ndipo mayeso omaliza atenge otsalawo, tsatirani zimenezo. Pamene anakusiyirani ufulu, gawani nokha, koma magawo asachuluke. Anayi ndi okwanira. M'chitsanzo chathu tagawa motere:

- ntchito za m'kalasi ndi homuweki: 10
- timayeso ta m'kati mwa teremu: 20
- ntchito yaikulu yofufuza kapena yamanja: 10
- mayeso omaliza: 60

Milingoyi ikaphatikizidwa ikwane 100 ndendende. Apa ntchito za m'kati mwa teremu zatenga 40, mayeso omaliza 60.

Mlingo muziupereka ku gawo, osati ku ntchito imodziimodzi. Mukanena kuti kamayeso kalikonse kali ndi malikisi 5 pa giredi yomaliza, ndiye kuti mwadzimanga kupereka timayeso tinayi. Teremu ikafupika n'kulemba titatu tokha, masamu onse asokonekera. Koma mukanena kuti timayeso tonse pamodzi tili ndi 20, mutha kulembetsa titatu kapena tisanu, mlingo wake n'kukhala womwewo.

Homuweki taipatsa mlingo wochepa dala. Simudziwa amene waigwira kunyumba, ndipo ana amakoperana m'mawa belu lisanalire. Ntchito yomwe mwana walemba inu mukuona ndiyo iyenera kulemera kwambiri. Khalidwe, ukhondo wa kope ndi kufika msanga m'kalasi zisalowe m'malikisi amenewa. Zili ndi malo ake pa lipoti, ndipo zikasakanizidwa ndi malikisi, giredi siikuuzaninso ngati mwanayo akulidziwa phunzirolo.

Lembani milingoyi pa tsamba loyamba la buku, ndipo muwauze ophunzira sabata yoyamba. Mukayamba kulowetsa malikisi musaisinthenso.

2. Jambulani tsamba

Tengani buku lalikulu lachikuto cholimba, mugwiritse ntchito masamba awiri oyang'anizana. Kumanzere kwenikweni ikani nambala ya mwana ndi dzina lake, motsatira ndondomeko ya m'rejisitala. Mwana aliyense ali ndi mzere wake wopingasa, ntchito iliyonse ili ndi mzere wake wotsika. Ntchito za gawo limodzi zikhale moyandikana, ndipo pakati pa gawo ndi linzake jambulani mzere wokhuthala. Siyani mzere umodzi kapena iwiri yopanda kanthu m'gawo lililonse poyembekezera ntchito zoonjezera, komanso mizere ingapo pansi ya ana obwera pakati pa teremu.

Pamutu pa mzere wotsika uliwonse palembedwe zinthu zitatu: dzina la ntchito kapena mutu womwe wayesedwa, tsiku, ndi malikisi onse a ntchitoyo. Chachitatuchi ndicho chimaiwalika kwambiri. Nambala 18 payokha siinena kanthu. Ikhoza kukhala 18 pa 20, mwana wakhoza bwino zedi, kapena 18 pa 50, mwana walephera. Pakatha miyezi iwiri palibe amene angakumbukire, ngakhale inu amene munachonga.

Tsamba la kumanja likhale la zowerengera: mizere inayi ya malikisi a gawo lililonse atayikidwa pa mlingo wake, wina wa zonse pamodzi, wina wa giredi, ndi womaliza wa ndemanga.

3. Lowetsani malikisi monga mwachongera

M'buku muzilowa nambala yomwe ili pa pepala la mwana. Ngati wapeza 21 pa 30, lembani 21. Musaisandutse kukhala peresenti musanalembe, chifukwa mwana akabwera ndi pepala lake kudzadandaula, zomwe zili pa pepala ndi zomwe zili m'buku ziyenera kufanana pongoyang'ana. Lowetsani musanabweze mapepala, ndi cholembera cha inki. Kuti ntchito ifulumire, uzani ana azilemba nambala yawo ya m'rejisitala pamwamba pa pepala, inu n'kusanja mapepalawo motsatira manambala musanayambe kukopera. Mukamakopera ikani rula pansi pa mzere wa mwana amene mukulemba. Kulumpha mzere umodzi kumapatsa ana onse a m'munsi malikisi a anzawo, ndipo nthawi zambiri zimadziwika pokhapokha mwafika pa dzina lomaliza n'kupeza kuti nambala yatsala imodzi.

Mukalakwitsa, dulani nambala yolakwikayo ndi mzere umodzi kuti izionekabe, lembani yolondola pambali, musaine ndi kuika tsiku. Kufufuta kapena kumata ndi mankhwala oyera aja kumachititsa anthu kukayikira buku lonse.

4. Siyanitsani ziro ndi kusalemba

Apa ndi pomwe mabuku ambiri amapotokera. Kabokosi kopanda kanthu kangatanthauze zinthu zosiyanasiyana: mwana anadwala, anajomba dala, sanapereke ntchito, anali asanabwere pasukulupo, kapena inu simunalowetse. Pofika kumapeto kwa teremu simungazisiyanitsenso. Choncho sankhani zizindikiro, muzilembe pa tsamba loyamba pamodzi ndi milingo. Mwachitsanzo, 0 akhale wa mwana amene analemba osapeza kanthu kapena sanapereke ntchito popanda chifukwa, D wa amene sanalembe pa chifukwa chovomerezeka monga matenda, B wa amene anabwera pasukulu ntchitoyo itadutsa kale. Kabokosi kopanda kanthu katanthauze chinthu chimodzi chokha, chakuti malikisi sanalowe.

Taonani kukula kwa nkhaniyi. Mwana wathu, tingomutchula kuti nambala 14, analemba timayeso titatu: 18 pa 20, 21 pa 30, ndi 25 pa 50. Tiyerekeze kuti kachitatuko sanalembe chifukwa anali kuchipatala. Mukamuikira ziro, ali ndi 39 pa 100, zomwe pa mlingo wa 20 zikupereka 7.8. Mukamuikira D n'kuchotsa kamayesoko pa chiwerengero chake, ali ndi 39 pa 50, zomwe zikupereka 15.6. Kusiyana kwake ndi malikisi 7.8 pa giredi yomaliza, okwanira kumutsitsa mwana giredi yathunthu chifukwa chodwala.

Koma D nayenso ali ndi vuto lake. Mwanayu atalemba anapeza 25 pa 50, ndipo gawo lonselo linamupatsa 12.8. Kusalemba kukanamupatsa 15.6, kuposa zimene wapeza atalemba, chifukwa kamene wakaphonyako ndiko kanali kovuta. Ana sachedwa kuzindikira zoterezi. N'chifukwa chake njira yabwino ndi kumulembetsa kamayeso kena ka mitu yomweyo akangobwerera, D n'kukhala wa pamene zalephereka ndithu. Ikaninso malire: mwana akaphonya kuposa theka la malikisi a gawo, musamuwerengere pa zochepa zotsalazo, alembe kaye china.

5. Werengerani gawo lililonse palokha

Lamulo lake ndi limodzi: phatikizani zomwe mwana wapeza m'gawolo, gawani ndi malikisi onse omwe akanatha kupeza m'gawolo, kenako chulukitsani ndi mlingo wa gawo.

Nambala 14 anagwira ntchito zinayi za m'kalasi, iliyonse ya malikisi 10, ndipo anapeza 8, 7, 9 ndi 6. Zonse ndi 30 pa 40. Tikagawa 30 ndi 40 n'kuchulukitsa ndi 10 tikupeza 7.5. Timayeso tija tikupereka 64 pa 100, ndipo tikachulukitsa ndi 20 tikupeza 12.8. Pa ntchito yaikulu anapeza 18 pa 25, pa mlingo wa 10 ndi 7.2. Mayeso omaliza anali a malikisi 80, iye anapeza 44. Tikagawa 44 ndi 80 n'kuchulukitsa ndi 60 tikupeza 33.

```
30/40  x 10 =  7.5
64/100 x 20 = 12.8
18/25  x 10 =  7.2
44/80  x 60 = 33.0
              ----
              60.5
```

Tsopano onani chimene chimachitika munthu akangophatikiza manambala onse a pa mzere wa mwanayu osasamala za magawo. Akupeza 156 pa 245, yomwe ndi 63.7 peresenti. Nambalayi ikuoneka yabwinobwino, ndipo n'chifukwa chake cholakwikacho sichigwidwa msanga. Koma pa 245 paja, mayeso omaliza ali ndi 80 okha, pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu, pamene munalonjeza kuti atenga 60 pa 100. Timayeso ta m'kati, tomwe tinayenera kutenga 20, tatenga kuposa 40. Milingo yomwe ili pa tsamba loyamba yatayidwa popanda wina kudziwa.

Pali chinthu china chofunika kusankhiratu. M'kati mwa gawo, timayeso tosiyana kukula tingaphatikizidwe m'njira ziwiri. Njira yomwe tagwiritsa ntchito imaphatikiza malikisi onse, motero kamayeso ka 50 kamalemera kuposa ka 20. Njira inayo imasandutsa kalikonse kukhala peresenti kenako n'kupeza avareji: 90, 70 ndi 50 zikupereka 70, ndipo pa mlingo wa 20 ndi 14.0 m'malo mwa 12.8. Zonse ziwiri ndi masamu olondola, koma zikunena zosiyana. Ife timakonda yoyamba, chifukwa pepala la malikisi 50 kawirikawiri limayesa mitu yambiri kuposa la 20, ndipo n'koyenera kuti lilemere. Yachiwiri ndi yabwino ngati timayesoto n'tofanana kufunika kwake, tangosiyana kachongedwe. Chomwe simuyenera kuchita ndi kupeza avareji ya manambala osasandutsa, 18, 21 ndi 25. Mupeza 21.3, koma 21.3 pa angati? Funsoli lilibe yankho.

6. Madesimo achotsedwe kamodzi, kumapeto

Sungani desimo imodzi kapena awiri m'magawo onse, ndipo mufikitse ku nambala yathunthu pokhapokha mwaphatikiza. Tengani mwana amene magawo ake ndi 6.5, 9.5, 5.5 ndi 27.5. Zonse pamodzi ndi 49.0. Mukakweza gawo lililonse palokha zikhala 7, 10, 6 ndi 28, zomwe ndi 51. Ngati malire okhozera ndi 50, mwanayu wadutsa chifukwa cha kawerengedwe kanu. Zimathekanso mbali inayo, mwana wokhoza n'kugwa. Lembaninso pa tsamba loyamba kuti 0.5 amakwera, kuti 49.5 asakhale nkhani yokambirana mwana ndi mwana. Nambala 14 uja, ndi 60.5 wake, pa lipoti palembedwa 61, ndipo giredi itengedwa pa 61 potsata malire omwe sukulu yanu imagwiritsa ntchito.

7. Kuuza mwana kapena kholo pomwe zinthu zili pakati pa teremu

Kholo likafunsa teremu ili pakati, musalipatse nambala ya pa 100, chifukwa magawo ena sanalembedwe. Tinene kuti nambala 14 wamaliza ntchito za m'kalasi ndi timayeso basi. Ali ndi 20.3, koma pa 30, osati pa 100. Gawani 20.3 ndi 30, mupeza 67.7 peresenti, ndipo ndiyo nambala yoyenera kunena.

Ntchito zonse za m'kati mwa teremu zikatha, mutha kumuuzanso zomwe akufunika pa mayeso omaliza. Ali ndi 27.5 pa 40. Kuti afike pa 50 akusowa 22.5 pa 60, zomwe pa pepala la malikisi 80 ndi 30. Kuti afike pa 70 akusowa 42.5 pa 60, ndiye kuti ayenera kupeza 57 pa 80. Mwana amamva bwino mukamuuza kuti “ukufunika 57 pa pepala lija” kusiyana ndi kungomuuza kuti alimbikire.

8. Kuika zonsezi pa kompyuta

Ngati muli ndi Excel, LibreOffice Calc kapena Google Sheets, jambulani tsamba lomwelo. Mzere 1 ukhale wa maina a ntchito, mzere 2 wa masiku, mzere 3 wa malikisi onse a ntchito iliyonse, ana ayambire mzere 4. A ndi nambala, B ndi dzina, C mpaka F ntchito za m'kalasi, G mpaka I timayeso, J ntchito yaikulu, K mayeso omaliza. L mpaka O ndi magawo anayi aja atayikidwa pa mlingo, ndipo milingo yake 10, 20, 10 ndi 60 muilembe mu L3, M3, N3 ndi O3. Musailembe m'kati mwa fomyula, kuti izioneka kwa aliyense wotsegula tsambalo. Mu M4, pa gawo la timayeso, lembani:

```
=SUM(G4:I4)/SUMPRODUCT(ISNUMBER(G4:I4)*G$3:I$3)*M$3
```

`SUM` imaphatikiza manambala okha, imadumpha D ndi B. Mbali ya `SUMPRODUCT` imaphatikiza malikisi onse a timayeso tokhato tomwe mwanayo ali ndi nambala, choncho amene ali ndi D pa kamayeso ka 50 amawerengeredwa pa 50 otsalawo. L4 ikhala chimodzimodzi, kungosintha G ndi I kukhala C ndi F, ndi M$3 kukhala L$3. Zotsalazo n'zachidule:

```
N4:  =J4/J$3*N$3
O4:  =K4/K$3*O$3
P4:  =SUM(L4:O4)
Q4:  =ROUND(P4,0)
```

Kenako kokerani mafomyulawa mpaka pa mwana womaliza. Makompyuta ena amafuna `;` m'malo mwa `,` m'kati mwa fomyula, choncho `ROUND` ikakana yesani kusintha pamenepo.

Chizindikiro cha `$` musachiiwale. Chimagwira mzere 3 kuti usasunthe pamene mukukokera pansi. Popanda icho, mwana woyamba amatuluka bwino, koma wachiwiri amagawidwa ndi malikisi a woyamba, wachitatu ndi a wachiwiri, mpaka pansi. Mudzazindikira poona ana ena akupeza zoposa mlingo wa gawo, monga 26 pa 20.

Fomyula ya M4 ili ndi msampha umodzi: kabokosi kopanda kanthu imakatenga ngati D. Mwana amene sanapereke ntchito, inu n'kusiya osalemba ziro, amapindula. Zimachitikanso mukalemba chilembo O m'malo mwa nambala 0. Kuti mugwire timabokosi topanda kanthu, ikani penapake pansi pa tsamba `=COUNTBLANK(C4:K43)`, ngati ana alipo 40, ndipo musatseke teremu yankho lake lisanafike pa 0. Mukaona `#DIV/0!` ndiye kuti mwanayo alibe nambala ngakhale imodzi m'gawolo, ndipo `#VALUE!` mu N kapena O ikutanthauza kuti pa ntchito yaikulu kapena pa mayeso omaliza pali chilembo. Musabise mauthengawa ndi fomyula ina. Akukuonetsani mwana amene nkhani yake ikufuna chigamulo cha munthu, mwina cha inu ndi mphunzitsi wamkulu.

Posanja maina motsatira alifabeti kapena motsatira amene wapambana, sankhani mizere yonse kuyambira A mpaka Q, koma ya ana okha, kusiya mizere itatu ya pamwamba. Mukasankha B yekha, maina amasuntha malikisi n'kutsala pomwe anali, ndipo si mapulogalamu onse amene amakuchenjezani. Sungani kope lina la fayiloyo pa chipangizo china, liikeni pasiwedi, ndipo musindikize tsamba lonse pakati pa teremu ndi kumapeto.

9. Fufuzani musanakopere pa malipoti

Sankhani ana atatu, wapamwamba, wapakati ndi wapansi, muwawerengere pamanja kuyambira pa mapepala awo. Zikasiyana ndi zomwe zili m'buku, imani kaye mupeze chifukwa. Yang'ananinso mzere wotsika uliwonse ngati muli nambala yoposa yomwe ili pamutu. Kupeza 32 pa ntchito ya malikisi 30 kumasonyeza kuti manambala atembenuka, mwina anali 23, kapena alowa pamzere wolakwika.

Kenako yerekezani magawo. Pezani avareji ya kalasi yonse pa ntchito za m'kati mwa teremu ndi pa mayeso omaliza, zonse mu peresenti. Kusiyanako pang'ono n'kwachibadwa, chifukwa ntchito za m'kati zimayesa mutu umene wangophunzitsidwa kumene. Koma kalasi ikakhala pa 85 m'kati mwa teremu n'kugwera pa 40 pa mayeso omaliza, pali chomwe chalakwika: ntchito zinali zophweka kwambiri, kuchonga kunali kwachifundo, ana ankakoperana, kapena mayeso anafunsa zomwe sizinaphunzitsidwe. Onaninso kutalikirana kwa malikisi. Ngati pa homuweki aliyense ali ndi 9 kapena 10, gawolo likungopatsa onse malikisi aulere, silikusiyanitsa wodziwa ndi wosadziwa. Giredi za teremu imeneyo musazisinthe pa chifukwa chimenechi, popeza ana anagwira ntchito pa malamulo omwe munawauza. Chokonza ndi ntchito za teremu yotsatira.

Phunziro limodzi likamaphunzitsidwa ndi aphunzitsi awiri m'makalasi osiyana, sinthanani mapepala angapo pa ntchito yaikulu, aliyense achonge a mnzake osaona malikisi oyamba. Mukasiyana ndi malikisi oposa awiri kapena atatu pa 25, gwirizanani kachongedwe musanalowetse m'buku.

Pomaliza itanani mwana aliyense payekha aone mzere wake, mizere ya anzake mutaiphimba ndi pepala, ndipo abwere ndi mapepala ake ochongedwa. Perekani masiku awiri kapena atatu a madandaulo. Akatha, jambulani mzere pansi pa dzina lomaliza, musaine, mulembe tsiku, ndipo wamkulu wa phunzirolo kapena mphunzitsi wamkulu asainenso. Kusintha kulikonse kobwera pambuyo pake kulembedwe mu mzere wa ndemanga pamodzi ndi chifukwa chake ndi dzina la amene wavomereza.